Nyimbo za Loweruka m'mawa

"Anzanga, ndiziika nyimbo zanji Loweruka m'mawa ndikamakolopa ndi kuphika?"

Amayi, pokolopa ikani kalindula. Besi yake imayenda mofanana osaima, ndipo dzanja limangotsatira lokha. Ine kuno ku Kapata ndimayamba ndi za Amayenge, nyimbo zitatu m'nyumba monse mwauma. Koma rumba ya ku Congo muisamale! Imayamba mofatsa, kenako magitala amathamanga pamapeto. Tsiku lina pomwepo ndinataya mthiko nkuyamba kudula chiuno, nsima ili pambaula. Ndinadzidzimuka ndi fungo, pansi pa poto pali bii. Ndiye povundula ndimatsitsa mawu nkuika nyimbo za kwaya, zoti ndingoyimba pakamwa manja ali pa ntchito. Rumba ibwere potsuka mbale, palibe chopserera.