Nkhani ya m'bokosi ikusakanikirana ndi nkhani yaikulu mukasikana nyuzipepala

"Anzanga, ndimaphunzitsa ana a vuto losaona kuno ku Nkhotakota. Ndimasikana masamba a Tamvani, kuwadutsitsa mu Tesseract, pulogalamu yowerenga zilembo za pa chithunzi, kenako ana amamvetsera ndi NVDA, pulogalamu yowerenga mokweza mawu a pa kompyuta. Koma tsamba likakhala ndi madanga anayi komanso kankhani ka m'bokosi pakati, zimatuluka phala lenileni. Dzulo mwana wamva kuti 'alimi a mpunga ku Bua ati chigoba cha usipa madzi akuchepa m'ngalande'. Ndikulakwitsa pati?"

Aphunzitsi, musanasinthe chilichonse, yang'anani kaye mtundu wa kusokonekerako, chifukwa kulipo kuwiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Kwina ndi koti ndime zonse zatuluka zathunthu koma zaima pamalo olakwika, monga bokosi lonse kulowerera pakati pa danga lachiwiri. Kumeneko n'kosavuta, mumangodula ndimeyo mu Word n'kuyiika pamalo ake. Kwinako ndi koti mzere umodzi wayambira danga lina n'kudumphira m'bokosi kapena m'danga loyandikana nalo. Chiganizo chimene mwatipatsachi ndi cha mtundu wachiwiriwu, ndipo kukonza ndi manja kungakutengereni nthawi yaitali kuposa kutaipa nkhani yonse. Pamenepo muyenera kubwerera ku chithunzi cha tsambalo.

Tesseract sadziwa kuti mpunga ndi usipa ndi nkhani ziwiri. Iye amangoona pamene mizere yayambira ndi pamene yathera, kanjira koyera ka pakati pa madanga, ndi mizere yojambulidwa, ndipo kuchokera pa zimenezo amaganizira malire a zigawo n'kuziwerenga kuyambira kumanzere ndi pamwamba. Bokosi limene lakhala pamwamba pa madanga awiri limadula kanjira kaja pakati, ndiye malire amene amadalira amasowa. Kupendekeka kwa pepala kumaonjezera vutoli. Mukasikana pa 300 dpi, kanjira ka mamilimita 4 kamakhala mapikiselo pafupifupi 47 basi. Danga lotalika mapikiselo 4000 likapendekeka ndi digiri imodzi yokha, kumunsi kwake kumasuntha ndi mapikiselo 70, kuposa kukula kwa kanjira konse. Diso la munthu siliona kanthu pamenepo, koma makina ntchito yawakulira.

Choyamba onani ngati mu lamulo lanu muli `--psm 6`. Anthu ambiri amaikopera kwa anzawo poti imagwira bwino pa malisiti ndi makalata. Nambala 6 imauza Tesseract kuti tsamba lonse ndi chigawo chimodzi, ndiye amawerenga mzere kuchoka kumphepete kufika kumphepete, kudutsa madanga onse. Ngati ilipo, ichotseni. Popanda kulemba kanthu amagwiritsa ntchito 3, imene imayesa kugawa tsamba yokha. Kuti muone mmene wagawira, lembani izi:

```
tesseract tsamba.png zigawo -l eng --psm 3 tsv
```

Tsegulani `zigawo.tsv` mu Excel, musiye mizere yokhayo imene `level` yake ndi 2, poti imeneyo ndiyo zigawo. Ndiye yang'anani `width`. Ngati danga limodzi ndi lotambalala mapikiselo 700 koma mukuona chigawo cha mawu wamba chotambalala 1450 kapena 2200, madanga aphatikizidwa. Mutu wa nkhani wokha ndi bokosi ndi zimene zili ndi chifukwa chotambalala chonchi.

Langizo langa lenileni ndi lakuti pa tsamba la bokosi musamusiyire Tesseract kusankha dongosolo. Lisankheni inuyo ndi maso anu, iye mungomupatsa zidutswa chimodzichimodzi. Ndinayamba kutero nditataya masabata awiri ndikusinthasintha manambala a `--psm` pa mulu wa nyuzipepala zakale za mdala wina wa ku Salima, zimene zinali zitachita chikasu ndi chinyezi cha kunyanja. Tsamba lina linkatuluka bwino, lotsatira lake phala, ndipo sindinkadziwa lolakwika mpaka nditawerenga lonse. Kudula kumanditengera mphindi zochepa pa tsamba, koma ndikamaliza ndimakhala ndamaliza.

Ndikupatseni chitsanzo cha tsamba longa lanulo. Tinene kuti chithunzi chake ndi mapikiselo 3300 m'lifupi ndi 5100 m'litali. Mutu uli pamwamba mpaka pa 800. Madanga anayi, lililonse lotambalala 700, akuyambira pa 175, 925, 1675 ndi 2425 kuchokera kumanzere, ndipo akutsika kuchokera pa 850 mpaka 4850. Bokosi laphimba danga lachiwiri ndi lachitatu, kuchokera pa 2400 mpaka 3600. Manambala a tsamba lanu mudzawapeza potsegula chithunzi mu Paint, mukaloza malo ndi mausi amaoneka pansi kumanzere. Ine ndimagwiritsa ntchito ImageMagick, yaulere. Ndimayamba ndi kuongola tsamba, ndipo manambala ndimawerenga pa chithunzi choongolacho, osati choyamba chija.

```
magick tsamba.png -deskew 40% +repage loongoka.png
magick loongoka.png -crop 1410x1160+945+2420 +repage 06.png
magick loongoka.png -fill white -draw "rectangle 910,2385 2390,3615" lofufuta.png
```

Mzere wachiwiri ukutulutsa bokosi palokha. Mwaona kuti ndadulira mkati pang'ono, mapikiselo 20 mbali zonse, kuti mzere wakuda wozungulira bokosi utsale kunja. Ukalowa nawo, nthawi zina umasanduka zilembo zachabe monga `|` kapena `l` kumayambiriro kwa mizere, ndipo mwana amene akumvetsera amazimva zonsezo. Mzere wachitatu ukupaka zoyera pamalo onse a bokosi, apa ndadutsako pang'ono kunja kuti mzere wakuda uja ufufutike nawo. Tsopano tsamba latsala ndi nkhani yaikulu yokha, ndi bowo loyera pakati.

Apa imani kaye, chifukwa pali funso limene makina sangakuyankheni. Danga lachiwiri likafika pa bokosi, nkhani ikupitirira kunsi kwa bokosi, kapena yadumphira pamwamba pa danga lachitatu? Zonse ziwiri zimachitika m'nyuzipepala. Nthawi zina kunsi kwa bokosi kumayamba nkhani ina ndithu, ndi mutu wake waung'ono. Werengani mawu omaliza pamwamba pa bokosi. Ngati athera poti "madzi akuchepa m'nga-", fufuzani pamene payambira "lande". Pamenepo ndi pamene nkhani yapita. Ngati chiganizo chathera pa mpumiro ndipo malo onse awiri akuyamba ndi chilembo chachikulu, werengani ziganizo ziwiri kapena zitatu mpaka mumve kumene mawu a wolankhula akupitirira. Sitepe imeneyi sindiilumpha ngakhale ndili pachangu, poti nkhani yolumikizidwa molakwika pa mpumiro imamveka bwinobwino m'khutu, mwana sangadziwe kuti wamva zosemphana.

Tinene kuti yapitirira kunsi kwa bokosi. Ndiye danga lililonse mulidule lathunthu, malire ake akhale pakati pa kanjira koyera:

```
magick lofufuta.png -crop 3000x650+150+170 +repage 01.png
magick lofufuta.png -crop 750x4050+150+825 +repage 02.png
magick lofufuta.png -crop 750x4050+900+825 +repage 03.png
```

Chimodzimodzinso `04.png` ndi `+1650+825`, `05.png` ndi `+2400+825`. Ngati nkhani inadumphira pamwamba pa danga lachitatu, dulani danga lachiwiri ndi lachitatu pawiri, chapamwamba ndi chapansi, muzipatse manambala motsata mmene mwawerengera. Bokosi nalo likakhala ndi timadanga tiwiri mkati mwake, lidulidwe pawiri.

Kenako lembani mayina a zithunzizo mu fayilo ya `mndandanda.txt`, dzina limodzi pa mzere, kuyambira `01.png` mpaka `06.png`. Tesseract amatsata mndandanda umenewo monga mwaulembera:

```
tesseract mndandanda.txt nkhani -l eng --psm 4
```

Nambala 4 imatanthauza danga limodzi limene zilembo zake zingasiyane kukula, ndipo ndi zimene chidutswa chilichonse chili tsopano. Zotuluka zonse zidzakhala mu `nkhani.txt`. Ngati malamulo olembawa akukutopetsani, pulogalamu ya gImageReader imagwiritsa ntchito Tesseract yemweyo koma imakulolani kujambula zigawo ndi mausi pa tsamba, chilichonse ndi nambala yake. Kapenanso kungodula ndi kupaka zoyera mu Paint, zotsatira zake n'zofanana.

Bokosi ndaliika kumapeto dala. Wowerenga ndi maso amaona mzere wozungulira n'kudziwa kuti iyi ndi nkhani yapambali, amasankha yekha kuyiwerenga tsopano kapena pambuyo pake. Womvetsera alibe mzere umenewo. Choncho nkhani yaikulu ithe kaye, ndipo pamwamba pa mawu a m'bokosi mulembepo nokha kuti "Nkhani ya m'bokosi", muikenso ngati mutu mu Word posankha `Heading 2`, kuti mwana wofuna kulumphirako athe kutero ndi NVDA. Mawu ofotokoza chithunzi nawo muwachite chimodzimodzi: afufuteni pa tsamba, muwaike kumapeto ndi mawu oti "Chithunzi". Amenewa ndi amene amakonda kubisala pakati pa ndime osaonekera. Nkhani ikalembedwa kuti yapitirira pa tsamba lina, onjezerani chidutswa cha tsambalo mu mndandanda chisanafike bokosi.

Mabokosi ambiri amakhala ndi mtundu wotuwa kapena wachikasu kumbuyo kwa mawu. Mtunduwo pa nyuzipepala ndi timadontho ting'onoting'ono, ndipo mukasikana mwa zakuda ndi zoyera zokha timadonthoto timasanduka zinyalala zozungulira zilembo. Sikanani mwa `Grayscale`. Bokosi likakhala lakuda ndi zilembo zoyera, litembenuzeni ndi `magick 06.png -negate 06.png`. Ubwino wina wolidula palokha ndi umenewu, mumalikonza osakhudza tsamba lonse.

Sikana yanu ikakhala ya A4, tsamba la nyuzipepala silikwana, ndipo ambiri amalipinda pakati n'kusikana chapamwamba kenako chapansi. Mukatero danga lililonse laduka pawiri, ndiye mndandanda wanu uyenera kusinthanitsa: chapamwamba cha danga loyamba, chapansi chake, kenako chapamwamba cha lachiwiri. Musiye mizere itatu kapena inayi ibwereze m'zithunzi zonse ziwiri kuti pasasowe mzere pa chipindo, yobwerezayo mudzaichotse ndi manja.

Njira imeneyi imakonza dongosolo lokha, sikonza zilembo. Tesseract alibe fayilo ya Chichewa, n'chifukwa chake tikulemba `-l eng`, ndipo mawu monga ng'ombe ndi m'mudzi muziwayang'anitsitsa. Poyesa ngati dongosolo lili bwino simufunika kuwerenga nkhani yonse. Zidutswa zikakhala zisanu ndi chimodzi, malo olumikizira ndi asanu, ndipo muonjezerepo ena awiri a pa bowo la bokosi. Pa malo asanu ndi awiri amenewo werengani mokweza mzere womaliza ndi woyamba wotsatira, pepala lenilenilo lili pambali panu, ndipo mawu odulidwa ndi kamzere monga "m'nga-lande" muwalumikize musanapatse ana.