Batani la sitovu ya gasi lakanirira pa kandodo kake: mungalizule bwanji osawononga valavu?

"Bambo, ndikulemba kuchokera kwa Mponda kuno ku Mangochi. Ndili ndi sitovu ya gasi ya mafuwa awiri, yoika patebulo. Batani la kumanzere lakhala likuterereka kwa miyezi ingapo, moti nthawi zina limazungulira lokha koma moto osasintha. Ndagula lina, koma lakalelo likukana kuchoka ngakhale ndikoke chotani. Mwana wanga akuti tilikanule ndi sikuludiraiva. Kodi nditani?"

Mayi, poyamba mumuuze mwana wanuyo kuti abweze sikuludiraiva pamalo pake, chifukwa chida chimenecho chimakankha mbali imodzi yokha, ndipo kukankha mbali imodzi ndiko kumapinda kandodo. Batani ndi chinthu chotsika mtengo chimene mwagula kale, koma kandodo kamene batanilo limavalapo ndi mbali ya valavu yotsegula ndi kutseka gasi, ndipo kakapindika ndiye kuti valavu yonse yapita. Ntchito yonse imene ndikufotokozereni ikutsamira pa mfundo imeneyi, yakuti mphamvu iliyonse imene mugwiritse ntchito izikoka batani molunjika kwa inu, osati cha m'mbali.

Musanakhudze kanthu, tsekani gasi pa silinda, kenako yatsani fuwa la kumanja kuti gasi wotsala m'paipi apse mpaka moto uzime wokha. Zikatero bwezani mabatani onse awiri pozimitsira, chotsani regyuleta pa silinda, ndipo mutulutse sitovuyo pakhonde pamene pali kuwala ndi mphepo. Gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya, kotero akatuluka sakwera kudenga koma amayenda pansi n'kukadikha m'makona. Ngati pakhomopo pali mbaula ya makala yoyaka, ikhale kutali.

Tsopano zulani batani la kumanja, labwinobwinolo, kuti likuphunzitseni mmene linzake linapangidwira. Pa masitovu ambiri oika patebulo batani limangolowetsedwa mokankha, ndipo limatuluka mukalikoka. Mukayang'ana kandodo kamene katsalapo muona kuti si kobulungira konse: mbali imodzi inasemedwa kukhala yafulati, moti kumapeto kwake kamaoneka ngati chilembo cha D. Kawirikawiri kamakhala ka mamilimita 6 kunenepa kwake, pena 8, ndipo kamapangidwa ndi mkuwa kapena aluminiyamu, zitsulo zofewa zimene sizichedwa kudyeka. M'kati mwa bowo la batani muli kachitsulo kopyapyala, kolimba ngati sipuling'i, kamene kamakanikiza mbali yafulati ija kuti batani lisagwe. Ngati batani labwinolo nalonso likukana kutuluka, lizungulireni ndi tochi, makamaka kunsi kwake, muone ngati pali kabowo kokhala ndi kasikuluwu. Mabatani ena, makamaka achitsulo a masitovu akale, amamangidwa ndi kasikuluwu kotere, ndipo amenewo simungawazule musanakamasule.

Zimene mwanena zakuti batani linkaterereka zikundiuza zambiri. M'mphepete mwa mbali yafulati ija mukadyeka, kachitsulo ka m'kati kamatha kukwera n'kukaima pambali yobulungira, pamene malo ndi ochepa, ndipo pamenepo kamadzipanikiza ngati chitsulo chong'ambira nkhuni. Nthawi zina kamakumba kamzere m'kandodo n'kukodwa momwemo. Mukamakoka batani lili pamalo amenewo, mukungozamitsa kachitsuloko. Yerekezani kamzere ka pabatani lokaniriralo ndi mmene ka linzake kamaimira likakhala pozimitsira. Ngati kakuloza kwina, ndiye kuti batani latsetsereka pa kandodo. Litembenuzeni pang'onopang'ono kuti libwerere pamalo ake, koma osalikankhira m'kati, pakuti mavalavu ambiri amadzikhoma akakhala pozimitsira ndipo kandodo sikazungulira pokhapokha mutakankha. Mukatero batani lokha ndilo limayenda, ndipo mumamva m'zala pamene lapepuka. Pamenepo ndi pamene muyenera kukokera.

Chinthu chachiwiri chimene chimagwira batani ndi mafuta ophikira. Ife a kuno kunyanja timakazinga nsomba pafupifupi tsiku ndi tsiku, ndipo mafuta othothoka pokazinga usipa kapena utaka amatsetserekera kuseri kwa batani, kumene nsanza yopukutira sifika. Mafutawo akamatenthedwa ndi kuzizira kwa zaka amauma n'kusanduka ngati ulimbo. Onjezanipo msuzi wa mchere wosefukira ndi chinyezi cha nyengo ya dzinja, ndipo kachitsulo ka m'kati kaja kamachita dzimbiri n'kutupa. Mankhwala ake ndi madzi otentha a sopo ndi kudikira. Viikani kansalu m'madzi otentha amene dzanja lingathe kupirira, kafinyeni pang'ono, kakulungeni kuseri kwa batani, ndipo muzikasintha kakazizira kwa mphindi 15 kapena 20. Ngati mukuona dzimbiri lofiira likutuluka, mungathe kudonthezera dontho limodzi kapena awiri a mafuta omasulira zitsulo, monga WD-40, pamene kandodo kalowera m'batani. Pochita zimenezi pendeketsani sitovu kuti batani liyang'ane pansi, kuti mafutawo atsikire m'batani osati m'valavu. M'kati mwa valavu muli girisi wapadera amene amaithandiza kuzungulira komanso kutseka mipata kuti gasi asadutse, ndipo mafuta omasulira aja amasungunula girisi ameneyu. Musayese kutenthetsa batani ndi kandulo kapena machesi, ngakhale silinda ili kutali.

Pokoka, zala zokha sizikwanira chifukwa zimagwira kutsogolo ndipo zimaterereka. Ng'ambani kansalu kakatali pa chitenje chakale, kapena tengani chingwe cholimba cha nsapato, mukalowetse kuseri kwa batani kuti kazungulire kandodo, ndipo nsonga zake zitulukire mbali ziwiri zoyang'anizana. Ndi bwino kuika tinsalu tiwiri, kena kochokera kumwamba kena kunsi, kuti batani likokedwe mofanana. Apa ndi pamene mwana wanu angathandize: iye agwire sitovu mwamphamvu patebulo, inu mukulunge nsonga zija m'manja n'kukoka molunjika, mphamvu ikumawonjezeka pang'onopang'ono, osatsomphola. Zikakanika, tengani masupuni awiri ofanana, ikani zidutswa za katoni pa nkhope ya sitovu kuti penti isakalike, lowetsani nsonga za masupuniwo kuseri kwa batani kumanja ndi kumanzere, ndipo mutsindike onse awiri nthawi imodzi. Likasuntha pang'ono, onjezerani katoni wina pansi pa masupuni kuti mupitirize. Mukaona nkhope ya sitovu ikupindika, kapena kandodo kakutuluka limodzi ndi batani kuposa mmene kamachitira masiku onse, lekani pomwepo, chifukwa kandodo kamagwiridwa ndi kachivundikiro kakang'ono chabe pa valavu ndipo mukhoza kukazula.

Pali mtundu wina wa kukanirira umene njira zonsezi sizithetsa, ndipo ndinakumana nawo pa sitovu ya mlongo wanga ku Makawa. Batani lake linali litayamba kugwa lokha, ndiye munthu wina wofuna kuthandiza anadula kamtengo ka machesi, n'kukalowetsa m'bowo, n'kuthiramo supagulu. Linagwira ntchito miyezi ingapo mpaka pulasitiki ya m'kati inasweka, ndipo kunja kwa batani kunayamba kuzungulira kokha pamene chapakati chili nga pa kandodo. Ndinaviika, ndinakoka ndi nsalu, ndinayesa masupuni, koma silinasunthe ngakhale pang'ono. Nditaunika ndi tochi ndinaona zoyera zouma ngati mchere kuzungulira kandodo, ndipo ndinadziwa kuti ndi guluu. Ndinatenga mpeni wa sowo yodulira zitsulo, wopanda chogwirira chake, n'kukulunga nsalu kumapeto, ndipo ndinacheka batanilo kuyambira kutsogolo, pambali pang'ono pa pakati, cha kumene kuli mbali yafulati. Ndinasankha mbali imeneyo chifukwa ndiko kuli kachitsulo ka m'kati, kotero mano a sowo amayamba kukhudza iko asanafike pa kandodo. Phokoso litasintha ndinadziwa kuti ndafika pa chitsulo ndipo ndinaleka. Kenako ndinaika nsonga ya sikuludiraiva m'mng'alu umene ndinachekawo n'kupotoza pang'ono, ndipo pulasitiki inang'ambika pawiri. Apa pokha ndi pamene sikuludiraiva ili ndi ntchito, popeza ikukankha zidutswa za batani osati kandodo. Ntchito yonse yocheka inatenga mphindi pafupifupi 10. Inu muli kale ndi batani latsopano, choncho ngati kuviika ndi kukoka kwalephera kawiri, musamve chisoni kuphwanya lakalelo.

Batani likachoka, yang'anitsitsani kandodo. Kawirikawiri kachitsulo kadzimbiri kaja kamatsalira pamenepo, ndipo mungakasolole ndi pulayazi, koma mugwire iko kokha, chifukwa mano a pulayazi amaluma mkuwa n'kusiya zipsera zimene zidzakolenso batani latsopano. Palani mafuta ouma ndi guluu, pukutani ndi sandipepa yosalala, ndipo ngati pali timinga m'mphepete mwa mbali yafulati, tichotseni ndi tupa yaing'ono mongopitapo kawiri kapena katatu. Musaseme kwambiri pofuna kuti mbaliyo ioneke yatsopano, pakuti chitsulo chilichonse chimene mwachotsa chikulitsa mpata. Batani latsopano lili ndi kachitsulo kake kolimba, ndipo nthawi zambiri limagwira bwino pa kandodo kodyeka pang'ono. Liyenera kulowa ndi mphamvu ya chala chachikulu basi. Ngati likufuna kumenyedwa, ndiye kuti kukula kwa bowo lake ndi kosiyana, ndipo mubwerere kumene munagula mutanyamula batani la kumanja lija kuti akayerekeze. Onetsetsaninso kuti kamzere kake kakuloza pozimitsira valavu ikakhala yotseka, chifukwa mabatani ena bowo lake linatembenuzidwa mosiyana, ndipo batani lonama pa sitovu ya gasi ndi loopsa kuposa kusakhala nalo.

Pali pamene batani latsopano silingathandize. Ngati mbali yafulati yatheratu moti kandodo kabulungira, ngati kakugwedera m'mbali, ngati kakuyenda mopendama mukamakazunguza, kapena ngati sikakubwerera kunja mukakakankha n'kukasiya, valavuyo ndi yofunika kusintha, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wodziwa za gasi. Musamasule tisikuluwu ta pa valavu yeniyeniyo. Kuterereka kwa batani nthawi zambiri kumayamba chifukwa valavu yalimba, girisi atauma, ndipo munthu amapotokola mwamphamvu tsiku lililonse. Choncho mukavala latsopano mumve kulemera kwake poyerekeza ndi la kumanja, ndipo ngati likulimba kwambiri, mupite nayo kwa mmisiri batani latsopanolo lisanadyekenso.

Chomaliza ndi kuyesa ngati gasi sakutuluka, ndipo muchite zimenezi batani musanalikhazike mpaka kumapeto, kuti muzitha kuona kuseri kwake. Dikirani kuti madzi ndi mafuta ziume, bwezerani regyuleta, tsegulani silinda muli pakhonde pomwepo, ndipo mupake thovu la sopo wotsukira mbale pamene kandodo kalowera m'valavu. Yang'anani kwa mphindi imodzi valavu ili yotseka, kenako yatsani fuwalo n'kuyang'ananso, popeza mavalavu ena amadontha pokhapokha akatsegulidwa. Thovu likangokhala chete, kankhirani batani mpaka kumapeto ndipo mulowetse sitovu m'nyumba. Likayamba kufufuma timatuza timene tikukula, tsekani silinda nthawi yomweyo, chotsani regyuleta, ndipo musayatse ngakhale fuwa la kumanja mpaka mmisiri ataiona, chifukwa mavalavu onse awiri amalandira gasi kuchokera pa paipi imodzi.