Wosuta chamba amayendetsa pang'onopang'ono, nanga vuto lili pati?

"Mlamu wanga amayendetsa minibasi. Mowa sagwira akakhala pa ntchito, koma chamba amasuta m'mawa, akuti chimamukhazika mtima pansi ndipo sathamanga ngati oledzera. Kodi akunama?"

Pa nkhani ya liwiro, mlamu wanuyo sakunama. Osuta chamba ambiri amadziwa kuti mutu suli bwino, ndiye amachepetsa liwiro n'kusiya mpata waukulu ndi galimoto ya kutsogolo. Mowa umachita zosiyana, umachotsa mantha. Woledzera amadziona ngati katswiri pomwe manja ndi maso zafooka kale, n'chifukwa chake amaponda moto, n'kudutsa lole pokhota. Ngozi imakula ndi botolo lililonse, ndipo khofi kapena kusamba madzi ozizira sizithandiza, poti chiwindi chimachotsa mowa wa pafupifupi botolo limodzi laling'ono pa ola.

Koma kuyenda pang'onopang'ono kumathandiza pa zimene munthu akuziyembekezera zokha. THC, mankhwala oledzeretsa a m'chamba, amasokoneza kutsatira zinthu zingapo nthawi imodzi, kuyeza mtunda ndi nthawi, komanso kusunga galimoto pakati pa mbali yake ya msewu. Ntchito ya pa minibasi ndi yomweyo: kondakitala akukuwa, wina akufuna kutsika, wakabaza ali kumanzere, mbuzi ili m'mphepete.

Tiyerekeze ali pa M1 akuyenda makilomita 60 pa ola, liwiro limene iye akuliona ngati laulemu. Pa sekondi imodzi galimotoyo imayenda pafupifupi mamita 17. Mwana akadumphira mumsewu, maganizo a dalaivala ali kwina, n'kuchedwa kuponda buleki ndi theka la sekondi chabe, ndiye kuti wawonjezera mamita 8 kapena kuposerapo, kutalika kwa magalimoto ang'onoang'ono awiri, phazi lisanafike pa buleki. Mtima wakhazikikadi pansi, koma phazi lachedwa. Mukadzakwera naye, musayang'ane liwiro. Onani ngati galimoto ikusendera ku mzere wapakati iye n'kumaibweza mwadzidzidzi, kapena ngati akupitirira siteji imene wauzidwa kumene.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu oti "m'mawa". Chamba chosuta chimagwira m'mphindi zochepa, chimafika pachimake mu ola loyamba, ndipo chimatha kusokoneza kayendetsedwe kwa maola atatu kapena anayi, nthawi zina kuposerapo. Ndiye kuti ulendo woyamba, wodzaza ana asukulu ndi opita ku ntchito, ndi umene amauyendetsa chamba chili pamphamvu. Makina opumira a apolisi amayeza mowa basi, choncho kudutsa pa rodibuloko sikusonyeza kuti ali bwino.

Mumufunsenso ngati amamwa usiku. Munthu amene wamwa kwambiri mpaka pakati pa usiku amadzuka mowa udakali m'magazi, ndipo akasutirapo chamba kuti athetse matsire, ziwirizo zimaphatikizana. Mowa umafooketsa kusamala kuja kumene iye akudalira, galimoto n'kumayenda njokanjoka kuposa mmene chimodzi mwa ziwirizi chikanachitira pachokha.