Kp ya amoniya yasiyana ndi ya m'buku: nambala ya R ndi imene yasokoneza

"Aphunzitsi, pa N₂ + 3H₂ ⇌ 2NH₃ tapatsidwa Kc = 0.50 pa 400 °C. Ine ndapeza Kp = 1.6 × 10⁻⁸, koma buku likuti 1.64 × 10⁻⁴. Ndawerengera mobwerezabwereza, yankho likubwera lomwelo. Ndalakwitsa pati?"

Funso lanu landikhudza chifukwa nambala imeneyi ndimaidziwa bwino. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa kemisitiri ndakhala ndikuipeza m'makope a ophunzira akhama, amene amalemba mzere uliwonse mwaukhondo, kenaka n'kudula ntchito yonse ndi cholembera poganiza kuti palibe chimene amvetsa. Ndikukumbukira mtsikana wina amene anabwera ndi kope lake atafufuta tsamba mpaka kuboola, pamene masamu ake onse anali olondola kupatula nambala imodzi. Chimandiwawa n'chakuti ambiri amapatsidwa Kp = Kc(RT)^Δn kuti aloweze pamtima, osauzidwa kumene yachokera, ndipo ndikunena mosabisa kuti kaphunzitsidwe kotero n'kolakwika.

Kc ndi nambala yoonetsa mmene zinthu zimakhalira riyakishoni ikakhazikika, yowerengedwa ndi mamolo pa lita, ndipo Kp ndi nambala ya mtundu womwewo yowerengedwa ndi presha ya magasi. Fomula yolumikiza ziwirizi imachokera ku lamulo la magasi, PV = nRT, momwe P ndi presha, V ndi voliyumu, n ndi mamolo, T ndi kutentha, ndipo R ndi nambala yosasintha ya magasi. Mukagawa mbali zonse ziwiri ndi V mupeza P = (n/V)RT, ndipo n/V ndi kuchuluka kwa mamolo mu lita imodzi, komwe ndiko kumalowa mu Kc. Choncho gasi aliyense akamachoka ku mamolo pa lita kupita ku presha, amabwera ndi RT imodzi pa molo iliyonse ya mu ikweshoni. Pa amoniya, pamwamba pa fulakishoni ya Kp pali ma RT awiri chifukwa cha 2NH₃, pansi pali anayi, imodzi ya nayitrojeni ndi atatu a haidrojeni. Awiri amafafanizana, ndipo awiri amatsala pansi. Δn ndiye zimenezi basi: mamolo a magasi opangidwa kuchotsapo mamolo a magasi oyambira, 2 − 4 = −2. Pamene mamolo ali ofanana mbali zonse, monga pa H₂ + I₂ ⇌ 2HI zonse zili magasi, ma RT onse amafafanizana ndipo Kp imafanana ndi Kc.

Ndionjezepo kuti timawerenga magasi okhaokha. Pa CaCO₃(s) ⇌ CaO(s) + CO₂(g), zinthu ziwiri zolimbazo sizilowa mu Kc kapena mu Kp, kotero Δn ndi +1. Kutentha nako kuyenera kukhala mu kelivini, popeza lamulo la magasi limawerenga kuyambira pa ziro weniweni. Mukanaika 400 m'malo mwa 673, yomwe ndi 400 °C mu kelivini, mukanapeza pafupifupi 4.6 × 10⁻⁴. Inu simunagwe m'maenje awiriwa, ndipo nambala yanu ikuchitira umboni.

Tsopano pa yankho lanu

Munagwiritsa ntchito R = 8.314. Mukachulukitsa ndi 673 mumapeza pafupifupi 5595, mukaichulukitsa ndi iyo yomwe mumapeza 3.13 × 10⁷, ndipo 0.50 mukaigawa ndi nambalayi imapereka 1.6 × 10⁻⁸ yanu ija. Buku lagwiritsa ntchito R = 0.08206, imene imagwirizana ndi malita ndi atm: RT ndi 55.2, kuichulukitsa ndi iyo yomwe ndi pafupifupi 3050, ndipo 0.50 ÷ 3050 = 1.64 × 10⁻⁴.

Chimene ndikufuna muone n'chakuti yankho lanu lili ndi tanthauzo. Pamene Kc ili mu mamolo pa lita, 8.314 imapereka presha mu kPa, choncho mwapeza Kp yolondola ya munthu amene amayeza presha mu kPa. Popeza 1 atm ndi 101.325 kPa ndipo Δn ndi −2, mayankho awiriwa amasiyana ndi 101.325², pafupifupi ka 10,000. Chimenechi ndi chizindikiro chothandiza: yankho likasiyana ndi loyembekezeka pafupifupi ka 100 pamene Δn ndi 1 kapena −1, kapena ka 10,000 pamene Δn ndi 2 kapena −2, yang'anani R musanakayikire china chilichonse. Wochonga mayeso amene amangodula yankho lotere osalongosola zimenezi amamusiya wophunzira akukayikira mbali imene anaimvetsa bwino.

Musanatenge kakyuleta, werengani funso muone muyeso wa presha umene ukufunidwa, kenaka sankhani R yogwirizana nawo: 0.08206 ya atm, 0.08314 ya bar, 8.314 ya kPa. Mukamaliza, yesani yankho ndi chizindikiro cha Δn. Mu atm kapena bar, RT imaposa 1 pa kutentha kulikonse kopitirira pafupifupi 12 K, kotero Δn ikakhala pansi pa ziro Kp iyenera kuchepa kuposa Kc, ndipo ikakhala pamwamba pa ziro Kp iyenera kukula kuposa Kc. Kumbukiraninso kuti fomulayi yatsamira pa PV = nRT, ndipo pa presha yaikulu kwambiri, monga ya m'mafakitale opanga amoniya, magasi satsata lamuloli ndendende, kotero nambala yake imangoyandikira choona.