CKSUM ikuonetsa 3 koma SMART ikuti diski ili bwino

"Ndili ndi kaseva kunyumba, madiski awiri a 4 TB pa `mirror` ya ZFS, mosungira zithunzi ndi mavidiyo a banja. Dzulo sikirabu itatha yalemba `repaired 384K`, ndipo pa diski imodzi CKSUM ili pa 3. Koma SMART ikuti PASSED, mafayilo onse akutseguka bwinobwino. Yakonza chiyani? Yadziwa bwanji diski yolakwa pa awiriwa? Ndiyitaye?"

Achimwene, musayitaye kaye, ndipo mtima ukhale m'malo, palibe fayilo yomwe mwataya. Ndikuganiza kuti `zpool status -v` ikukuonetsani zofanana ndi izi:

```
scan: scrub repaired 384K with 0 errors
  NAME        STATE   READ WRITE CKSUM
  mirror-0    ONLINE     0     0     0
    sda       ONLINE     0     0     0
    sdb       ONLINE     0     0     3
errors: No known data errors
```

Muyang'ane bwino manambala atatuwo. READ ndi WRITE amawerenga nthawi zomwe diski yavomera yokha kuti yalephera kuwerenga kapena kulemba. CKSUM ndi nkhani ina: diski yapereka deta n'kunena kuti zonse zili bwino, koma zomwe yaperekazo si zomwe ZFS inalemba. N'chifukwa chake SMART ili chete. SMART ndi diski kudzichitira umboni yokha, ndiye cholakwa chomwe iyo sinachione singakuuzeni.

ZFS imadula fayilo m'zidutswa, ndipo ngati simunasinthe `recordsize`, chidutswa chimafika 128K. Chithunzi cha 5 MB chimakhala zidutswa pafupifupi 40. Chidutswa chilichonse chisanalembedwe, ZFS imawerengetsera nambala yochokera m'zomwe zili mkatimo, ndiyo chekisamu, yomwe CKSUM ija ikuimira. Njira yomwe imagwira ntchito mukapanda kusankha ndi `fletcher4`, koma ziliponso `sha256` ndi `blake3`. Kadontho kamodzi kakasintha m'chidutswamo, nambala imatuluka ina. Ndiye onani zanu: 3 kuchulukitsa ndi 128K ndi 384K ndendende. Zidutswa zitatu zinapezeka zowonongeka pa diski imodzi, zitatu zomwezo zalembedwanso.

Chomwe chimasiyanitsa ZFS ndi malo omwe imasunga nambalayo. Taganizirani nkhokwe ya matumba a chimanga. Mukalemba kulemera kwa thumba pathumba pomwepo, munthu akakupatsani thumba la eni ake, kulemera kwake kugwirizana ndi zomwe zalembedwapo, inu n'kulandira osadziwa kanthu. Koma mukalemba m'kaundula kuti thumba la pakona liyenera kulemera mwakuti, kusinthanitsako kugwidwa. Diski nayo ili ndi manambala ake otetezera gawo lililonse, koma amakhala pathumba pomwepo. Ikalemba deta pamalo olakwika, kapena ikanena kuti yalemba chonsecho sinalembe, zakale zotsala pamenepo zimaoneka zabwinobwino kwa iyo. ZFS imaika chekisamu m'cholozera, chidutswa cha pamwamba chomwe chimanena komwe deta ili. Cholozeracho chekisamu yake ili m'china cha pamwamba pake, mpaka kukafika kumutu kwenikweni kotchedwa `uberblock`.

Apa m'pamene pali yankho la diski yolakwa. ZFS siyerekeza madiski awiriwo n'kumaganiza kuti wonama ndani. Ili kale ndi nambala yoyenera. Kope lomwe lagwirizana nayo ndiye loona, linalo limalembedwanso kuchokera ku loonalo. RAID wamba ya madiski awiri ilibe mboni yachitatuyi: imatha kuona kuti makope asiyana, koma loona silidziwa.

Nanga sikirabu n'njachiyani poti ZFS imayeza chekisamu nthawi iliyonse mukatsegula fayilo? Pali mipata iwiri. Zithunzi za ukwati za zaka zisanu zapitazo palibe amazitsegula, ndiye palibe amaziyeza. Komanso mukatsegula fayilo pa `mirror`, chidutswa chimawerengedwa ku diski imodzi yokha, ndipo chikakhala chabwino inayo sifunsidwa. Kope lachiwiri likhoza kuvunda mwakachetechete kwa zaka, n'kudzadziwika tsiku lomwe diski yoyamba yafa, pomwe mulibenso kotengera. Sikirabu imayenda mtengo wonse wa zolozera uja, kuwerenga kope lililonse pa diski iliyonse. Malo opanda kanthu imawadumpha, choncho nthawi yake imadalira zomwe mwasunga, osati kukula kwa diski. Ngati muli ndi 2 TB ndipo diski ikuwerenga 150 MB pa sekondi, ndi maola osakwana anayi. Mafayilo ang'onoang'ono ambirimbiri amachedwetsa. Kamodzi pamwezi n'kokwanira pakhomo. Pa Debian ndi Ubuntu imadziyambira yokha Lamulungu lachiwiri la mwezi, koma seva ikakhala yozima nthawi imeneyo mweziwo umadutsa, ndiye ndi magetsi athu othimathimawa muziyang'ana tsiku lomwe lalembedwa pa mzere wa `scan`.

Tsopano diski yanuyo. CKSUM imanena kuti deta inafika yolakwika, sinena kuti inalakwikira pati. Ikhoza kukhala diski, chingwe cha SATA, polowetsa chingwecho, magetsi osakwanira kapena memore. Yambani ndi izi:

```
smartctl -a /dev/sdb
```

Musakhutire ndi PASSED, tsikani pa mizere. `Reallocated_Sector_Ct` ndi `Current_Pending_Sector` zikakhala pamwamba pa ziro, makamaka zikamakwera, mbale za diski zayamba kutha. `UDMA_CRC_Error_Count` ikamakwera, kayikirani chingwe. Ine ndinatsala pang'ono kugula diski yatsopano chifukwa cha zolakwa zingapo ngati zanuzi. Nditatsegula bokosi ndinapeza chingwe chapindika mothina kuseri kwa fani, mutu wake ukugwedera ndikangoukhudza. Nditasintha chingwe, nambala sinabwerenso. Mukathana ndi zimenezo, fufutani manambala n'kuyambiranso, pa `tank` muike dzina lomwe munapatsa `pool` yanu ya ZFS:

```
zpool clear tank
zpool scrub tank
```

Ikatuluka ziro, ingoyang'anirani mwezi wamawa. Ikabweranso pa diski yomweyo, sinthanitsani zingwe za madiski awiriwo. Vuto likatsatira diski, gulani ina. Likatsalira pa chingwe, diski ilibe mlandu. Koma mukadzaona CKSUM ikukwera pa madiski onse nthawi imodzi, musathamangire kusitolo, chifukwa madiski awiri sakonda kudwala tsiku limodzi. Yang'anani zomwe amagawana, ndipo memore muyiyeze ndi memtest86+ usiku wonse.

Memoreyo ndiye malire a zonsezi. Deta ikawonongeka mu RAM chekisamu isanawerengetseredwe, ZFS imasindikiza nambala yoona pa deta yolakwika, ndipo sikirabu iliyonse idzati zili bwino. N'chifukwa chake anthu amalimbikira za memore ya ECC, yomwe imazindikira n'kukonza yokha zolakwa zing'onozing'ono. Chimodzimodzi fayilo yomwe inabwera yowonongeka kale kuchokera pa khadi la kamera.

Tsiku lomwe makope onse awiri a chidutswa chimodzi adzawonongeke, mzere womaliza uja udzasintha n'kukhala `Permanent errors have been detected in the following files`, ndi mayina a mafayilo pansi pake. ZFS idzakana kukupatsani chidutswacho m'malo mokupatsani zinyalala. Mankhwala ake ndi kubwezeretsa fayiloyo kuchokera ku kope lomwe munasunga kwina. Dzina likapitiriza kuoneka mutabwezeretsa, onani ngati palibe sinapushoti yakale yomwe ikugwirabe chidutswa chowonongekacho, muyichotse, kenako muyendetsenso sikirabu. Nthawi zina mndandandawo umafufutika pa ulendo wachiwiri.

Mutitumizire zomwe `smartctl` yatulutsa pa mizere itatu ija, tione limodzi ngati ndi chingwe kapena diski.