Lendi yatha, mjigo ndi wa ndani?

"Ndinachita lendi malo kwa zaka 5 ku Mchinji. Ndinakumba mjigo, kumanga mpanda ndi kubzala mango 40. Mwini malo akuti nthawi ikatha mu Disembala ndichoke osatengapo kanthu. Kodi nzoona?"

Achimwene, pepani, nkhaniyi ndi yowawa. Poyamba tsegulani pepala lomwe munasainirana, chifukwa ngati munalembamo za chitukuko, zomwezo ndiye zigwire ntchito. Ngati simunalembe, lamulo limakomera mwini malo. Lamulo lathu la malo olembetsedwa m'kaundula likamati "malo" limaphatikiza zomera pamalopo ndi zonse zomangidwa mokhazikika. Choncho mango anuwo ndi mpanda wa njerwa zimatsala, ndipo kungoti munawonongapo ndalama sikumukakamiza kukubwezerani.

Koma mawu akuti "osatengapo kanthu" awonjeza. Pa mjigo pali zinthu ziwiri. Dzenje, mapaipi okwiriridwa ndi simenti ya pamwamba sizingasamuke. Pampu ya sola, thanki, magalasi a sola ndi mapaipi othirira oyala pamtunda munaziika kuti zithandize ntchito yanu, ndipo zimachoka pongomasula mabawuti. Zimenezi wa lendi amaloledwa kutenga, bola achotse nthawi isanathe ndi kukonza pomwe pawonongeka. Apa ndi pomwe ambiri amagwa: amadikira tsiku lidutse, pobwerera ndi galimoto napeza loko pageti. Mbande za m'machubu nyamulani. Mpanda wa waya umavuta, makamaka ngati mapolo ake ali m'simenti, ndiye kambiranani kaye.

Chonde musadule mitengoyo chifukwa cha mkwiyo, musakwirire mjigo. Mudzasanduka wolakwa, nkuyamba kulipira ndinu.

Funso lomwe ndikanakonda muyankhe ndi ili: pokumba mjigo, mwini malo anati chiyani? Ngati anakulimbikitsani polonjeza kuti adzawonjezera zaka kapena kukubwezerani, inu nkudalira mawuwo, khoti limatha kuganizirapo. Limafuna umboni: mauthenga a pafoni, malisiti a okumba mjigo, mboni monga amfumu ngati analipo. Sonkhanitsani izi panopa muonetse loya.

Pokambirana musapite ndi mtengo wonse, adzakukanirani pomwepo. Tinene kuti mjigo unadya K6,000,000 ndipo mwagwirizana kuti ungatumikire zaka 15. Inu mwatungapo zaka 5, ndiye zotsala ndi K4,000,000. Ngati alibe ndalamazo, pemphani zaka zina zaulere kapena za lendi yotsika mpaka zikwane. Kwa ine njira iyi ndiyo yabwino, poti mango olumikiza amayamba kubereka pakatha zaka 3 kapena 4, kutanthauza kuti mukuchoka mitengo itangoyamba kubweza thukuta lanu. Mukamvana, lembani mndandanda wa zotsala ndi zochoka, musainirane pamaso pa mboni Disembala asanafike.