Udzudzu suyang'ana khungu la munthu

"Ine ndili ndi jini imodzi ya sikoselo, ndipo chibwenzi changa ndi cha ku India. Adokotala anatiuza kuti iyeyo asavutike kuyezetsa chifukwa matendawa ndi a anthu akuda okha. Kodi zimenezi n'zoona?"

Si zoona, ndipo kalata yanu yandikwiyitsa, chifukwa mawu omwewo ndinawamva m'kalasi pamene ndinkaphunzira ntchito yoyeza magazi. Mphunzitsi wathu anangolemba dzina la matendawa pafupi ndi mawu oti "anthu akuda", ife n'kukopera m'makope popanda wofunsa chifukwa chake.

Maganizo amenewa anayambira ku Amereka. Mu 1910, dokotala James Herrick wa ku Chicago anafotokoza za maselo ofiira opindika ngati chikwakwa m'magazi a wophunzira wochokera ku Grenada, ndipo popeza odwala ambiri amene anapezeka pambuyo pake anali zidzukulu za akapolo ochokera ku Afirika, madokotala anamangirira matendawa pakhungu.

Mu 1954, wasayansi Anthony Allison anaonetsa kuti nkhani yagona pa malungo. Ku Kenya anapeza kuti jini ya sikoselo, kachinthu kamene mwana amatengera kwa makolo ake, inali yofala m'mphepete mwa nyanja ya mchere ndi ya Victoria, kumene malungo ndi osatha, koma inali yosowa kumapiri kozizira, ngakhale kuti anthu a madera onsewa ndi akuda. Mwana amene watengera jini imodzi yokha, amene timamulemba kuti AS, nthawi zambiri sadwala sikoselo, ndipo mpata woti adwale malungo aakulu umachepa ndi pafupifupi 90 peresenti. Ana oterewa ankapulumuka, n'kukula, n'kubereka, motero jiniyi inachuluka paliponse pamene malungo ankapha ana. N'chifukwa chake ilipo pakati pa dziko la India, kum'mawa kwa Saudi Arabia, ngakhalenso ku Girisi, pamene pakati pa Azulu ndi Axhosa ndi yosowa. Kunena zoona, dokotala amene amayeza ndi maso m'malo moyeza magazi ndi waulesi, chifukwa mwana woyera khungu akabwera atatupa manja ndi mapazi ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, iye amafufuza zina nthawi n'kumapita.

Zoyenera kuchita

Bwenzi lanulo liyezetse. Pemphani kuyeza kwa elekitirofolesisi, kumene kumasonyeza mtundu wa jini imene munthu ali nayo, chifukwa kuyeza wamba kumangosonyeza kuti maselo akupindika, osasiyanitsa AS ndi SS, yemwe ndi munthu wotengera majini awiri ndipo amadwala sikoselo, komanso afufuze thalasemiya ya mtundu wa beta, nthenda ina ya magazi yotengera kwa makolo, imene ndi yofala ku India ndipo ikakumana ndi jini yanuyo imabweretsanso matendawa. Ngati nonse muli AS, pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe SS, iwiri yoti akhale AS, ndi umodzi woti asatengere n'komwe. Mpatawu umayambiranso pa mimba iliyonse, ndipo mwana wa SS alibe chitetezo chija: malungo akamugwira amamutha magazi msanga kwambiri.